Kugogoda kapena ndandanda: njira ziwiri zobisira khomo la seva

Kompyuta imene yalumikizidwa ku intaneti ndi adiresi yoonekera kunja sikhalitsa isanalandire alendo osaitanidwa. Ikhale mu ofesi yapamwamba mumzinda wa Lilongwe kapena m'kachipinda ka malata pa Malingunde, kufupi ndi madamu a Kamuzu, zimachitika chimodzimodzi. Patangopita maola ochepa, buku la zochitika la makinawo limayamba kudzaza ndi mizere yonena kuti wina wayesa kulowa ndi dzina la `root` kapena `admin` koma waphonya mawu achinsinsi.

Alendowa kawirikawiri sadziwa n'komwe mwini wa kompyutayo. Ndi mapulogalamu amene amayendera maadiresi onse a pa intaneti motsatana, usana ndi usiku, kufunafuna khomo lotsekula. Maadiresi a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo m'chaka cha 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Michigan ku America adaonetsa kuti pulogalamu yawo ya ZMap itha kuwayendera onse m'mphindi zosakwana 45 kuchokera pa kompyuta imodzi yokhala ndi intaneti yothamanga. Palinso Shodan, imene kuyambira mu 2009 imasunga kaundula wa makina amene adayankha atagogodedwa. Choncho kutalikira tauni sikubisa kalikonse.

Khomo limene ofufuzawa amalikonda kwambiri ndi la SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali imene Tatu Ylönen wa ku Finland adakonza mu 1995. Adiresi iliyonse ili ndi makomo 65,535 okhala ndi manambala, amene akatswiri amawatchula kuti mapoti, ndipo SSH imadikira pa khomo 22. Amene wadutsa pamenepo ndi ulamuliro wonse atha kuwerenga, kusintha kapena kufufuta chilichonse.

Pali njira ziwiri zodziwika zochititsa kuti khomoli lisaoneke kwa ofufuza. Yoyamba ndi ndandanda ya ololedwa: makina amayankha maadiresi okhawo amene mwini wake adalemba. Yachiwiri ndi kugogoda: khomo limakhala lotseka kwa aliyense mpaka wina atagogoda mwa dongosolo lachinsinsi. Wofuna kuziwerenga m'Chingerezi alembe `allowlisting` ndi `port knocking`. Zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma zimalephera m'njira zosiyana, ndipo kuno kwathu chimene chimagamula nkhani ndi mtundu wa intaneti imene wosamalira makinawo amagwiritsa ntchito.

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza. Bungwe la alimi a soya ndi mtedza lili ndi ofesi pa Malingunde komanso malo ogulirapo mbewu pa Mitundu ndi pa Nathenje. Kaundula wa mamembala, ngongole za zipangizo ndi matumba ogulidwa zimasungidwa pa seva ya Linux imene ili mu ofesiyo, ndipo adiresi yake ndi `203.0.113.10`. Katswiri amene amaisamalira amakhala m'tauni ya Lilongwe. Masiku ena amagwira ntchito ali mu ofesi yake, masiku ena ali panjira, laputopu italumikizidwa ku intaneti ya foni yake ya m'manja.

Ndandanda ya ololedwa

Pakhomo pa seva pamakhala mlonda wotchedwa fayawolo. Iye amayang'ana paketi iliyonse ya uthenga imene yafika, kumene yachokera ndi khomo limene ikufuna, n'kuilola kapena kuitaya. Ngati ofesi ya katswiri m'tauni ili ndi adiresi yosasintha, mwachitsanzo `198.51.100.24`, malamulo atatu a pulogalamu ya `ufw` ndi okwanira:

```
sudo ufw default deny incoming
sudo ufw allow from 198.51.100.24 to any port 22 proto tcp
sudo ufw enable
```

Lamulo loyamba likutseka makomo onse, choncho khomo limene makalaliki a ku Mitundu ndi ku Nathenje amalembera matumba liyenera kutsekulidwa palokha. Lachiwiri likulola adiresi imodzi yokha kufika pa khomo 22. Paketi yochokera kwina kulikonse imatayidwa mwakachetechete, popanda ngakhale yankho lokana. Katswiri atha kutsimikiza poyesa kuchokera pa intaneti ina ndi lamulo la `nmap -Pn -p 22 203.0.113.10`. Yankho likakhala `open`, khomo likuoneka. Likakhala `filtered`, wofufuza sakumva kanthu. Kuyesa kotere kumachitika pa makina ako okha kapena ololezedwa ndi eni ake, pakuti lamulo la dziko lino la mu 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo.

Mphamvu ya njirayi ndi yakuti ilibe chinsinsi choti chibedwe. Munthu atha kudziwa adiresi yololedwayo, koma kuidziwa sikumpatsa mwayi. Kuti kulumikizana kwa SSH kukhazikike, seva imayankha ku adiresi imene yalembedwa pa paketi, ndipo wonamizira adiresi ya mnzake salandira yankholo. Njirayi ilibenso pulogalamu yowonjezera imene ingafe. Magetsi akazima n'kuyakanso, malamulo aja amabwerera limodzi ndi makina.

Vuto limayamba tsiku limene katswiri wachoka mu ofesi. Ali pa Mitundu tsiku la msika, kalaliki akumuimbira kuti seva yasiya kulandira manambala. Atsekula laputopu, alumikiza ku foni, alemba lamulo lolowera, koma makina angokhala duu mpaka patuluke mawu akuti `Connection timed out`. Seva siinawonongeke ayi, koma mlonda sakumudziwa, popeza foniyo yatulukira pa adiresi ina.

Pamenepa m'pofunika kumvetsa mmene intaneti ya mafoni imayendera. Maadiresi a IPv4 ndi ochepa poyerekeza ndi mafoni amene alipo, kotero makampani ambiri a mafoni padziko lonse amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi yoonekera kunja. Njirayi imatchedwa CGNAT. Foni imapatsidwa adiresi yam'kati, nthawi zambiri yoyamba ndi 10 kapena ya pakati pa `100.64.0.0` ndi `100.127.255.255`, chigawo chimene chidapatulidwira ntchito imeneyi mu 2012. Adiresi imene dziko limaona ndi ina. Lamulo la `curl ifconfig.me` limaionetsa, ndipo wina akaliyesa m'mawa, n'kuzimitsa intaneti ya foni, n'kuliyesanso madzulo, kawirikawiri amapeza manambala osiyana.

Ambiri akafika apa amagwa m'mayesero olola chigawo chonse cha maadiresi a kampani ya foniyo. Chigawo cholembedwa ndi `/16` kumapeto chili ndi maadiresi 65,536, ndipo kuseri kwa iliyonse kutha kukhala anthu ambiri. N'zoona kuti ofufuza a kunja kwa dziko atsekeredwabe, ndipo phokoso m'buku la zochitika lidzatsika kwambiri. Komabe ndandanda imene ikulola kasitomala aliyense wa kampani yonse, kuphatikizapo makina awo amene adagwidwa kale ndi mapulogalamu oipa, yasiya kukhala ndandanda. Ena amalemba adiresi ya foni ya tsiku limenelo n'kuiwala kuifufuta. Mawa lake adiresiyo ili ndi munthu wina, ndipo khomo likumudikira iye.

Kugogoda kwachinsinsi

Kugogoda kudatchuka mu 2003 pamene Martin Krzywinski adalemba za iko m'magazini a akatswiri a Linux, ndipo kumayankha vuto lomweli la munthu woyendayenda. Makomo onse amakhala otseka, kuphatikizapo 22. Pulogalamu yaing'ono, monga `knockd` imene adalemba Judd Vinet, imamvetsera mapaketi onse ofika pa seva, ngakhale amene mlonda akuwataya. Ikaona kuti adiresi imodzi yagogoda makomo ena otseka m'dongosolo loyenera komanso m'nthawi yoikika, imauza mlonda kuti atsekulire adiresi imeneyo. Zili ngati mlendo amene sanena odi, koma amagogoda mmene adapanganirana ndi mwini nyumba.

Pa seva ya ku Malingunde, fayilo ya `/etc/knockd.conf` itha kukhala motere:

```
[options]
UseSyslog

[SSH]
sequence      = 41827,9153,27604
seq_timeout   = 10
tcpflags      = syn
start_command = ufw allow from %IP% to any port 22 proto tcp
cmd_timeout   = 20
stop_command  = ufw delete allow from %IP% to any port 22 proto tcp
```

Tanthauzo lake n'lakuti makomo atatuwo agogodedwe motsatana m'masekondi 10. Zikatero khomo 22 limatsekukira wogogodayo kwa masekondi 20, kenako limatsekedwanso. Amene walowa m'nthawiyo sadulidwa, chifukwa mlonda amasiya kulumikizana kumene kwakhazikika kale. Ali pa Mitundu paja, katswiri angolemba:

```
knock -d 500 203.0.113.10 41827 9153 27604
ssh katswiri@203.0.113.10
```

Zilibe kanthu kuti foni yatulukira pa adiresi iti lero. Kwa wofufuza wongodutsa, seva ili chete. Kulota manambala atatu molondola n'kovuta zedi, pakuti njira zowasanjira zimaposa 281 tiriliyoni. Izi zili choncho pokhapokha manambalawo atasankhidwa mwachisawawa. Fayilo yachitsanzo imene imabwera ndi `knockd` ili ndi 7000, 8000 ndi 9000, ndipo amene wasiya manambala amenewa osasintha wabisa kiyi pansi pa mphasa ya pakhomo, pamene aliyense amayamba kuyang'ana.

Komabe chinsinsichi chili ndi chilema chachikulu: chimayenda poyera. Manambala a makomo sabisika pa paketi. Aliyense amene angathe kuona mapaketi panjira, monga woyang'anira waifai ya pamalo ogona alendo kumene katswiri walumikizako, atha kuwalemba n'kudzagogoda yekha tsiku lina. Mwini seva sangadziwe msanga, popeza kugogoda kwa wakuba sikusiyana ndi kwake. Palinso nkhani ya CGNAT ija: khomo limatsekukira adiresi, osati munthu, ndiye m'masekondi 20 amenewo onse amene akutulukira pa adiresi imodzi ndi katswiri ali ndi mwayi wofika pa khomo 22. Nthawiyo ndi yochepa, koma ikusonyeza kuti kugogoda sikutsimikiza kuti wolowayo ndani.

Chimene chimasautsa kwambiri tsiku ndi tsiku si akuba, koma netiweki yofooka. Mapaketi atatu aja amatumizidwa popanda yankho lililonse. Imodzi ikatayika panjira, kapena yachitatu ikafika yachiwiri isanafike, dongosolo lasokonekera ndipo khomo silitsekuka. N'chifukwa chake lamulo lapamwambali lili ndi `-d 500`, kuti pakati pa kugogoda kulikonse padutse theka la sekondi. Ngakhale zili choncho, kumalo kumene netiweki imabwera ndi kupita munthu amagogoda kawiri kapena katatu asanalowe, ndipo chimene amaona pa laputopu ndi `Connection timed out` yomwe ija, yosanena chifukwa.

Chifukwa chake chimapezeka m'buku la `knockd` pa seva. Kugogoda kukayenda bwino, pamaoneka `Stage 1`, `Stage 2`, `Stage 3`, kenako `OPEN SESAME`. Pakaoneka `Stage 1` yokha yotsatiridwa ndi `sequence timeout`, ndiye kuti paketi yatayika, yachedwa kapena makina a kampani ya foni aitulutsira pa adiresi ina. Pakapanda kuoneka kalikonse, kawirikawiri `knockd` ikumvetsera pa khadi la netiweki lolakwika, mwina `eth0` pamene la sevayo lili ndi dzina lina, kapena siikuyenda n'komwe. Chovuta n'chakuti buku limeneli lili m'kati mwa makina amene munthu akulephera kulowamo.

Apa m'pamene magetsi amalowerera. `knockd` ndi pulogalamu yapayokha, ndipo pa makina ena siyamba yokha pokhapokha itauzidwa kutero. Katswiri atha kuikonza Lachiwiri, kuiyesa, zonse n'kuyenda. Lachisanu magetsi azima pa Malingunde, batire litha, seva iyakanso usiku. Mlonda wadzuka ndipo watseka makomo onse monga adauzidwira, koma womvetsera kugogoda sanadzuke. Palibenso njira yolowera uli kutali. Chotsala ndi ulendo wa ku Malingunde ndi kiyibodi m'chikwama, ndipo ngati ndi nyengo yogula mbewu, makalaliki a pa Nathenje abwerera ku kope ndi cholembera kufikira iye atafika.

Magetsi atha kuchitanso zosiyana ndi zimenezi. Malamulo a `ufw` amasungidwa ngakhale makina atazima. Seva ikazima m'kati mwa masekondi 20 aja, lamulo lotseka lisanaperekedwe, adiresi ya foni ya tsiku limenelo imatsala yololedwa mpaka wina ataifufuta. N'zosachitika kawirikawiri, koma wogwiritsa ntchito njirayi ayenera kumayang'ana `sudo ufw status numbered` nthawi ndi nthawi, n'kuchotsa adiresi iliyonse imene sakuidziwa.

Zina mwa zilemazi zidakonzedwa m'pulogalamu ya `fwknop` ya Michael Rash. M'malo mogogoda makomo angapo, imatumiza paketi imodzi yokha, kawirikawiri ku khomo 62201, yobisidwa ndi kiyi ndiponso yokhala ndi nthawi imene yatumizidwa. Woibera panjira sangaigwiritsenso ntchito, ndipo palibe dongosolo loti lisokonekere. Mtengo wake n'ngwakuti wotchi ya seva ndi ya laputopu ziyenera kugwirizana. Timakompyuta tina tating'ono tilibe batire la wotchi, ndiye magetsi akabwera timadzuka ndi nthawi yolakwika n'kukana paketi yolondola kufikira titafunsa nthawi pa intaneti.

Chimene chingayenere bungweli

Funso loyamba si la njira ziwirizi. N'lakuti kodi sevayo ikuonekadi pa intaneti? Ngati ofesi ya ku Malingunde imalumikizidwa ndi rauta ya simukhadi wamba imene ili kuseri kwa CGNAT, palibe paketi yochokera kunja imene ingafike pa khomo 22, kaya ya wofufuza kaya ya katswiri. Kugogoda sikungamveke ndipo ndandanda ilibe woletsa. Kuyerekeza adiresi imene rauta ikuonetsa ndi imene `curl ifconfig.me` ikupereka kumathetsa funsoli m'mphindi imodzi: zikasiyana, seva siifikirika kuchokera kunja, ndipo iyenera kuti ndiyo iyambitse kulumikizana kupita kwa katswiri.

Ngati ikuoneka, ndipo katswiri ali ndi adiresi yosasintha ngakhale imodzi, ndandanda ndiyo yabwino. Ndi yosavuta kuimvetsa, wina wodzatenga ntchitoyo mawa atha kuiwerenga m'mizere itatu, ndipo ilibe chinsinsi choti chisinthidwe wantchito akachoka. Vuto la kuyendayenda limatha pokhala ndi malo amodzi odutsira. Katswiri ali pa Mitundu amayamba walowa m'kompyuta ya ku ofesi yake ya m'tauni, kapena m'seva yaing'ono yalendi yokhala ndi adiresi yosasintha, ndipo kuchokera kumeneko amafika ku Malingunde ndi lamulo limodzi la `ssh -J`. Seva ya alimi imaona adiresi yomwe ija nthawi zonse.

Wina anganene kuti vutolo langosamukira pa kompyuta yodutsirayo, ndipo akunena zoona. Kusiyana n'kwakuti iyo ilibe kaundula wa alimi, ndipo ili pamalo pamene katswiri atha kuifikira mosavuta zinthu zikavuta. Ambiri masiku ano amaika pamenepo WireGuard, ngalande yobisika imene Jason Donenfeld adakonza ndipo idalowa m'chimake cha Linux mu 2020. Iyo siyankha paketi iliyonse yopanda kiyi yolondola, choncho imapereka kukhala chete kumene anthu amakufuna m'kugogoda, koma potsimikiza kiyi osati adiresi.

Kugogoda kuli ndi malo ake pamene palibe adiresi yosasintha, palibe ndalama ya seva yodutsira, ndipo wolowa ndi mmodzi kapena awiri. Kumachotsa phokoso m'buku la zochitika, kotero kuti mzere umodzi wokayikitsa umaoneka msanga. Kumapatsanso nthawi pamene SSH yeniyeniyo yapezeka ndi chibowo. Mu Julaye 2024 kampani ya Qualys idalengeza za vuto la `CVE-2024-6387` m'pulogalamu ya OpenSSH, limene pa makina ena a Linux likadatha kulola munthu kulanda seva popanda mawu achinsinsi. Seva imene khomo lake linali lobisika, mwa ndandanda kapena mwa kugogoda, siinali pa njira ya ofufuza pamene eni ake ankadikira kuika pulogalamu yokonzedwa.

Komabe njira zonse ziwiri ndi mpanda chabe, ndipo loko ali pa SSH. Mu fayilo ya `/etc/ssh/sshd_config` muyenera kukhala mizere iwiri iyi, katswiri atayamba waika kiyi yake ya SSH pa seva n'kutsimikiza kuti ikugwira:

```
PasswordAuthentication no
PermitRootLogin no
```

Zikatero, wobera kugogoda kapena wotulukira pa adiresi yololedwa amafika pakhomo n'kupeza kuti palibe mawu achinsinsi oti alote.

Tsiku loika malamulowa lisankhidwe pamene katswiri ali pa Malingunde pomwepo, kapena pali wina mu ofesi wotha kulemba pa kiyibodi zimene akuuzidwa pa foni. Zenera limodzi la SSH likhale lotsekula pamene lachiwiri likuyesa kulowa kudzera m'malamulo atsopano, kuti pakakhala cholakwika chikonzedwe kudzera m'loyambalo. Ngati njira yosankhidwa ndi kugogoda, `knockd` iuzidwe kuyamba yokha, ndipo `systemctl is-enabled knockd` iyankhe kuti `enabled`. Pomaliza seva izimitsidwe dala n'kuyatsidwanso, kenako katswiri atuluke panja, achoke pa waifai ya mu ofesi, ndipo ayese kulowa ndi intaneti ya foni yake asanakwere galimoto yobwerera m'tauni.